Kupeta sitichi ya satini pa chilembo chokhota: mmene ulusi umagonera mosalala

Funso: "Ndikupeta chilembo C ndi timasamba pa nsalu ya patebulo yoti ndikapereke pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Powongoka satini yanga imatuluka bwino, koma pokhota kunja kumatsala mipata, mkati ulusi umaunjikana, ndipo ndikachotsa nsalu mu felemu imakwinyika. Ndikulakwitsa pati, nanga ndingatani kuti chilembocho chitukuke mokongola?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, dzanja lanu si lolakwa, ndipo umboni wake ndi satini ya powongokayo, sitichi yoyala ulusi mogundizana mpaka nsalu yapansi isaoneke. Chimene chikukuvutani chili m'kapangidwe ka chilembocho. Mzere wakunja wa chinthu chokhota umakhala wautali kuposa mzere wamkati, pamene ulusi uli ndi kunenepa kumodzi kuyambira pamene watulukira mpaka pamene walowera. Masitichi amene akukwana bwino mkati sangakwanitse kuphimba kunja, ndipo amene akukwana kunja sangapeze malo mkati. Luso lonse la satini yokhota lagona pa kugawa kusiyana kumeneku pang'onopang'ono, kuti diso lisaone pamene kwabisika.

Tiyeni titenge chilembo C chotalika mamilimita 32, chimene msana wake ndi wotambalala mamilimita 6, ndipo tiuone msanawo ngati theka la lingi. Kuchokera pakatikati pa chilembo kufika pa mzere wamkati pali mamilimita 10, ndipo kufika pa mzere wakunja pali mamilimita 16. Mukayeza ndi kachingwe motsatira kukhotako, mzere wamkati ukupatsani mamilimita pafupifupi 31, wakunja pafupifupi 50. Ndiye kuti pa masitichi 8 alionse amene kunja kukufuna, mkati muli malo a masitichi 5 okha. Atatu otsalawo ndi amene akukusowetsani mtendere: mukawakakamiza kulowa mkati amakwerana n'kupanga kamzere kotukuka ngati chipsera, mukawasiya kunja kumayasama ndipo nsalu imaonekera.

Ndibwereranso ku masitichi atatuwa, koma ndiyambe ndi zapansi, chifukwa satini imaonetsa chilichonse chimene chili pansi pake.

Makwinya amene mukuwaona mukamasula felemu amayamba nsalu isanabayidwe n'komwe. Nsalu ikakhala yolefuka mu felemu, sitichi iliyonse imakokera m'mphepete ziwiri za chilembo pamodzi, ndipo masitichi oposa 100 akakoka mbali imodzimodzi, nsaluyo imapindika. Ikungeni mpaka izilira ngati ng'oma mukaigogoda ndi chala, koma muziikoka motsatira ulusi wa nsaluyo, m'litali ndi m'lifupi, osati chopingasa, pakuti nsalu yokokedwa chopingasa imabwerera mwakale ikamasulidwa n'kupotoza chilembo. Lingi yamkati ya felemu muikulunge ndi kansalu kakang'ono ka thonje kuti nsalu isamaterereke, ndipo sikuluu muimange ndi sikuludiraiva, osati ndi zala zokha. Ngati nsalu yanu ndi yopyapyala ngati popilini, ikani kaliko wochapa kale kumbuyo kwake ndipo muzibaya nsalu ziwirizo pamodzi. Mukamaliza mudzadula kaliko wotsalayo pafupi ndi chilembo. Nsalu yoluka motalikirana, yokhala ndi timabowo tooneka, siyenera satini yokhota, chifukwa singano imatsetserekera m'timabowoto m'malo molowa pamene mwailozetsa, ndipo m'mphepete mumatuluka ngati masitepe.

Ulusi wopetera umene timagula m'timitolo uli ndi tiulusi 6 topotedwa pamodzi. Pa satini yapamwamba ndimagwiritsa ntchito kaulusi kamodzi kokha, ndipo apa sindigonja ngakhale wophunzira atadandaula kuti ntchito ichedwa. Tiulusi tiwiri kapena titatu timapotana tokha pamene tikudutsa mu nsalu, ndipo pamene tapotana kuwala kumagwa mosiyana, n'chifukwa chake satini yotere imaoneka ngati zingwe zoyalidwa, osati ngati nsalu imodzi yonyezimira. Dulani ulusi wa masentimita 40 kapena 45, gwirani nsonga pakati pa zala ziwiri, ndipo sololani kaulusi kamodzi molunjika m'mwamba. Totsalato tidzaunjikana pansi pa zala zanu kenako n'kuwongoka tokha. Ulusi wautali kuposa pamenepa umakhuzika podutsadutsa mu nsalu, umachita ubweya, ndipo theka lachiwiri la chilembo limatuwa poyerekeza ndi loyamba. Singano ikhale yosongoka, ya diso lalitali, nambala 9 kapena 10 pa kaulusi kamodzi, ndi nambala 7 kapena 8 pa tiulusi tiwiri ta ntchito yapansi.

Mukajambula chilembo pa nsalu ndi kamzere kowonda, ntchito yoyamba ndi kuchimangira mpanda. Zungulirani mzere wonsewo ndi sitichi yobaya ulusi pakati, imene ena amaitchula kuti sipuliti: mumasoka kasitichi kamodzi, kenako kotsatira kamabaya pakati penipeni pa koyambako. Timasitichiti tikhale tatifupi, mamilimita 2 basi, ndipo pokhota kwambiri tifupikirenso, chifukwa sitichi yaitali imadula njira pokhota n'kusiya ngodya. Ndimasankha sitichi imeneyi osati yobwerera m'mbuyo ija ya masiku onse, chifukwa yobwerera m'mbuyo ili ndi timipata pakati pa sitichi ndi inzake, ndipo ulusi wa satini umagwera m'timipatato n'kupanga mano m'mphepete. Sipuliti imapanga kakhoma kopanda mpata kamene singano imatsamira. Mpanda umenewu ndiwo udzakhale maonekedwe a chilembo chanu. Ngati wapindika, umasuleni tsopano lino, pakuti satini siingauwongole.

Kenako pakubwera mtsamiro, masitichi oyalidwa pansi pa satini amene amatukula chilembo. Lamulo lake ndi limodzi: ulusi wa mtsamiro umene wagundana ndi satini uyende modutsana nayo. Popeza satini idzadutsa msana wa C m'lifupi, mtsamiro uyende m'litali, motsatira kukhota kwa chilembo. Mukauyala mbali imodzi ndi satini, masitichi apamwamba amamira pakati pa apansi ndipo pamwamba pamachita migula. Pa chilembo chokhota simungayale mtsamiro ndi masitichi aatali owongoka monga mmene mungachitire pa katsamba, chifukwa angadutse kunja kwa mpanda cha mkati mwa C. Gwiritsani ntchito sipuliti yomweyo ndi tiulusi tiwiri ta mtundu wofanana ndi wapamwamba, masitichi a mamilimita 3 kapena 4. Yambani ndi mizere iwiri kapena itatu pakatikati pa msana, yosafika kunsonga za chilembo. Pamwamba pake yalani mizere ina yotambalala kuposa yoyambayo ndiponso yotalikirapo. Pomaliza yalani gawo lodzaza kuchokera ku mpanda kufika ku mpanda wina, lophimba zonse zapansi. Motero pakati pamakhala magawo atatu, m'mbali ndi kunsonga gawo limodzi, ndipo chilembo chimatukuka ngati mzere wa m'munda wounda bwino, chopanda sitepe pena paliponse. Tsekani maso n'kuyendetsa chala pamwamba pa mtsamirowo. Chala chikamva chotupa kapena dzenje, satini idzachionetsa, ndipo dzenje limadzazidwa ndi sitichi imodzi kapena ziwiri nthawi yomweyo. Mtsamiro ukhale wolimba, wosabonyoka mukaudina ndi chikhadabo.

Njira imeneyi ndi yakale. Zilembo zoyera zotukuka zimene akazi a ku Falansa ankapeta pa nsalu zogonera ndi zapatebulo m'zaka za m'ma 1800 zinkayalidwa mtsamiro wolimba chonchi m'litali mwa chilembo, ndipo zambiri zilipobe mpaka lero ngakhale zinachapidwa kosawerengeka. Mtsamiro sungotukula kokha. Umagwira ulusi wapamwamba kuti usasunthe pochapa, ndipo nsalu ya patebulo imachapidwa kawirikawiri.

Tsopano tibwerere ku kukhota kuja. Musanayambe satini, sankhani njira imene sitichi iliyonse idzalozere. Pa C wathu, njira yosavuta kuisunga ndi ya masipoko a njinga: sitichi iliyonse iloze pakatikati pa chilembo. Ikani kadontho pakatikatipo ndi cholembera chofufutika ndi madzi, ndipo gawani msanawo m'zigawo 8 zofanana, poyamba pakati, kenako theka lililonse pakati, kenako kachiwirinso. Timizere togawirato tituluke pang'ono kunja kwa mpanda mbali zonse ziwiri, chifukwa ta mkati taphimbidwa kale ndi mtsamiro. Chigawo chilichonse chidzakhala ndi mamilimita oposa 6 pang'ono kunja, ndi ochepera 4 pang'ono mkati. Tiyerekeze kuti kaulusi kanu kakugona katatu pa milimita imodzi, ngakhale ndi bwino kuyesa pa kansalu kapadera kuti mudziwe mmene dzanja lanu likuyalira. Ndiye kuti chigawo chimodzi chikufuna masitichi pafupifupi 19 kunja ndi 12 mkati, kusiyana kwake 7. Asanu ndi awiriwa ndi osavuta kuwabisa kusiyana ndi oposa 50 amene mukanakumana nawo mukanadikira mpaka kumapeto kwa chilembo.

Pali njira ziwiri zowabisira, ndipo zimayendera limodzi. Yoyamba ndi kupanikiza mkati ndi kumasula kunja. Mkati singano ilowe moyandikana kwambiri ndi pamene inalowa sitichi yapita, pafupifupi m'bowo lomwelo. Kunja ituluke motalikirapo pang'ono, mpata wa kaulusi kamodzi kathunthu, osapitirira. Ulusi wa thonje umafwamphuka pang'ono ukapatsidwa malo ndipo umafinyika ukapanikizidwa, choncho njira imeneyi yokha imameza masitichi atatu kapena anayi pa chigawo. Ine ndimatulutsa singano kunja n'kuilowetsa mkati, chifukwa kumene kuli kothithikana singano yolowa kuchokera pamwamba imakankhira ulusi pansi mwaukhondo, pamene yotuluka kuchokera pansi imabaya ulusi wogona kale n'kuutukula.

Njira yachiwiri ndi sitichi yaifupi yodzaza mpata. Tulutsani singano kunja monga mwa nthawi zonse, koma m'malo mofika ku mpanda wamkati, ilowetseni mu mtsamiro mutayenda mamilimita 4 mwa 6 aja, mopendeketsa singano kuti nsonga ibisale pansi pa sitichi yapitayo. Sitichi yotsatira ikhale yathunthu, ndipo igone pamwamba pa pamene yaifupiyo yathera. Mukaichita bwino, yaifupiyo imaoneka ngati yangolowa pansi pa anzake. Pa chigawo chilichonse muike zitatu kapena zinayi, motalikirana, ndiye kuti imodzi pakatha masitichi athunthu anayi kapena asanu. Musaike ziwiri motsatizana, ndipo zonse zisathere pa mtunda wofanana. Ina ithere pa mamilimita 4, ina pa 3, ina pafupi ndi 5. Zikathera pamzere umodzi, pamsana pa chilembo pamaoneka kamgula koyenda m'litali, makamaka kuwala kukachokera m'mbali.

Yambirani pakati pa msana wa C, osati kunsonga. Pakati ndi pamene njira ya sitichi imadziwika mosakayikitsa, pakuti sitichi yoyamba imagona chogona ndithu, moloza kadontho kaja. Petani kukwera mpaka kunsonga yapamwamba, kenako mubwerere pakati ndi ulusi watsopano n'kutsika. Mukafika pa kamzere kogawira kalikonse, goneketsani ulusi pamwamba pa chilembo musanalowetse singano, muone ngati ukuloza kadonthoko. Ngati ukulozera pambali chifukwa mwachedwa kukhota, kukonza kwake ndi kuika sitichi yaifupi imodzi yoonjezera m'chigawo chotsatira, osati kukhotetsa sitichi imodzi mwadzidzidzi. Chizolowezi chimenechi chogoneka ulusi musanabaye ndi chimene ndimachiona mwa aliyense wopeta satini yabwino.

Za m'mphepete, singano ituluke ndi kulowa kunja kwa mpanda, moukhudza, kuti mpandawo uphimbike wonse. Polowetsa, musaimike singano chilili. Ipendeketseni kuti nsonga iloze pansi pa chilembo, ngati mukufuna kuibisa pansi pa mpandawo. Mukatero ulusi umakumbatira mpanda ndipo m'mphepete mumazungulira bwino. Bayani pansi, tulutsani singano yonse kumbuyo, kenako mubayenso kukwera. Musatole nsalu ndi singano kamodzin'kamodzi ngati mukusoka mpendero, pakuti kutero kumalefula nsalu mu felemu ndipo singano siigwa pamene mukufuna. Kokani ulusi mpaka ugone pa mtsamiro, ndipo mulekere pomwepo. Mukaona kabowo kakutseguka mu nsalu m'mbali mwa mpanda, mwakoka kwambiri; mukalowetsa nsonga ya singano pansi pa sitichi n'kuitukula mosavuta, simunakoke mokwanira. Pakatha masitichi 5 kapena 6, siyani singano ilendewere pansi pa felemu kuti ulusi upotoloke.

Pali chinthu china chimene ambiri amachita pofuna kusunga ulusi, ndipo ndikumvetsa chifukwa ulusi wabwino ndi wodula. Akalowetsa singano mbali ina, amaitulutsa pafupi pomwepo mbali yomweyo, kuti kumbuyo kusapite ulusi. Pa chilembo chokhota njira imeneyi imawononga ntchito. Ulusi umangogwiridwa ndi kachidutswa kakang'ono ka nsalu, umagubuduka, ndipo masitichi amagona awiriawiri ndi mpata pakati pawo. Satini yeniyeni imazungulira: kutuluka kunja, kulowa mkati, kudutsa kumbuyo, kutulukanso kunja. Mukatembenuza nsalu, kumbuyo kuoneke chilembo chomwecho chodzaza. Ulusi wakumbuyowo ndi umene umalimbana ndi wakutsogolo kuti sitichi igone mowongoka. Mfundo musamange, yambani ndi timasitichi tiwiri titatu mkati mwa mtsamiro pamalo poti paphimbika, ndipo pomaliza lowetsani ulusi pansi pa masitichi akumbuyo.

Kunsonga za C, kumene chilembo chimawonda, kusiyana kwa kunja ndi mkati kumachepa, choncho masitichi aafupi safunikanso. Chovuta kumeneko ndi kudziwa polekera. Mtima umafuna kuonjezera kasitichi kena kakang'ono kotsekera, koma kameneko ndi kamene kamapanga kamutu kotupa. Mpanda ukangophimbika, lekani.

Timasamba tanu tikufuna kaganizidwe kosiyana pang'ono. Pa tsamba, masitichi opendekeka amaoneka bwino kuposa odutsa molunjika, ndipo amabisa m'mphepete mosavuta chifukwa amakumana ndi mpanda mopendekera. Kupendekeka kwa madigiri 45 kumatalikitsa sitichi: pamalo potambalala mamilimita 6 sitichi imakhala pafupifupi mamilimita 8 ndi theka. Chofunika kukumbukira ndi chakuti kupendekekako kumayezedwa poyerekeza ndi mzere wa tsamba pamene mwafikapo, osati poyerekeza ndi nsalu. Tsamba likamakhota, sitichi nayonso izikhota nalo. Mukasunga njira imodzi kuyambira kuphata mpaka kunsonga, masitichi adzayamba kutalika mpaka kugona m'litali mwa tsamba, kapena kufupika mpaka kupendekeka konse kutatha. Mankhwala ake ndi omwe aja, kupanikiza mkati mwa kukhota ndi kumasula kunja.

Satini ili ndi malire ake. Sitichi ikapitirira sentimita imodzi imayamba kulefuka ndi kukodwa, ndipo pa nsalu ya patebulo, pamene mbale ndi masupuni zimakhuza tsiku ndi tsiku, sindilola kuti ipitirire mamilimita 10 kapena 12 ngakhale pali mtsamiro. Tsamba lotambalala kuposa pamenepa ligaweni pawiri potsata mtsempha wake, theka lililonse lipetedwe palokha, masitichi a mbali ziwirizo akumane pakati ngati nthenga ya nkhuku. Mbali ziwirizo zidzawala mosiyana ngakhale ulusi ndi umodzi, ndipo tsamba lidzaoneka lamoyo. Duwa lalikulu kwambiri lisiyireni sitichi ina ija yosinthanitsa zazitali ndi zazifupi.

Poyesa ntchito yanu, musaiyang'ane pansi pa babu la padenga, limene limabisa zolakwa. Khalani pafupi ndi zenera m'mawa, kuwala kuzichokera m'mbali, ndipo muzipendeketsa felemu pang'onopang'ono. Pa satini yogona bwino, kuwala kumayenda pamsana pa chilembo ngati kadontho kamodzi kosaduka. Pamene kaduka kapena kudumpha, pali sitichi yopotoka, yokwera pa inzake, kapena yokhota mwadzidzidzi. Ngati ndi sitichi imodzi yokwera, nthawi zambiri imabwerera m'malo mukaipesa pang'ono ndi m'mbali mwa singano. Ngati ndi mpata, ndi bwino kumasula kubwerera pamenepo kusiyana ndi kubayapo sitichi yachigamba, imene imakhala pamwamba pa anzake n'kumaonekera.

Chilembo chimene mwapeta kalecho ndingakulangizeni kuti muchimasule, popeza ndi mphatso ya ukwati. Dulani masitichi kumbuyo ndi kalumo kosongoka, sololani tizidutswa kutsogolo, nyowetsani malowo pang'ono ndi kukanda ndi chikhadabo kuti timabowo titsekeke, ndipo mudikire paume. Musanabwerere pa nsalu yeniyeniyo, petani zigawo ziwiri zokha za C pa kansalu kotsala ka mtundu womwewo, muwerenge kuti masitichi aafupi akufunika angati pa dzanja lanu. Madzulo alionse muzichotsa nsalu mu felemu kuti lingi isasiye chizindikiro. Mukamaliza, tsukani zolembalemba zija ndi madzi ozizira musanasite, chifukwa kutentha kumatha kuzikhazikitsa mu nsalu, ndipo ngati ulusi ndi wofiira kapena wakuda, yesani kaye kachidutswa konyowa pa kansalu koyera muone ngati sukusuluka. Posita, yalani thaulo lofewa lopinda kawiri, ikani nsalu ikadali yachinyezi chilembo chitayang'ana pansi, ndipo musite kumbuyo modina, osakhwekhwereza simbi. Chilembo chidzamira mu thaulo m'malo mophwanyika, ndipo nsalu yozungulira idzawongoka mpaka m'mphepete mwa mpanda.